Kupempha banki kuti itsegule akaunti yoimitsidwa: kalata yake ndi mndandanda wa zikalata

Khadi ikukana pa makina, pafoni ndalama zikuoneka kuti zilimo, koma mukayesa kutumiza sizikupita. Mwafika ku nthambi, wa pa kauntala wayang'ana pa kompyuta, nanena kuti nkhaniyi ili ndi a kompulayansi ndipo iye sangachitepo kanthu. Akunena zoona. Ofesi imeneyi ndi yoona kuti banki ikutsata malamulo oletsa kubisa gwero la ndalama zopezeka mwachinyengo, ndipo chimene yamanga, wa pa kauntala ngakhalenso woyang'anira nthambi sangamasule. Munthu amene wagwira fayilo yanu ku ofesiyo ayenera kulemba chifukwa chimene watsegulira akaunti, ndipo chifukwacho chiyenera kukhala ndi mapepala oti wofufuza wina akadzabwera patatha zaka adzaone n'kukhutira. Ntchito yanu ndi kumupatsa mapepala amenewo, oyalidwa bwino moti asavutike kulumikiza ndalama iliyonse ndi umboni wake.

Choyamba: dziwani amene wamanga akauntiyo

Musanalembe kalikonse, funsani banki mafunso anayi, ndipo pemphani kuti mayankho abwere olembedwa. Kodi akaunti yaimitsidwa tsiku liti? Kodi aletsa kutulutsa kokha, kapena ndalama sizingalowenso? Kodi nkhaniyi ili ndi nambala yanji? Nanga kuimitsaku ndi chiganizo cha banki yokha, kapena pali lamulo lochokera kunja kwa banki?

Funso lomalizali ndi limene limasonyeza khomo loyenera kugogoda. Ngati pali chigamulo cha khoti, kaya chifukwa cha ngongole kapena mlandu, kapena lamulo la bungwe lotolera misonkho, banki ikungomvera. Ngakhale kalata yanu itakoma bwanji, a kompulayansi sangatsegule mpaka amene analamulayo atachotsa lamulo lake. Zikatero pemphani nambala ya mlandu ndi dzina la khoti kapena bungwelo, mupite nazo kwa loya.

Malangizo ano ndi a pamene banki yaimitsa yokha. Nthawi zambiri zimatero chifukwa chiphaso chanu chinatha ntchito ndipo simunakapereke chatsopano, kapena dzina lanu lafanana ndi la munthu wina amene ali pa mndandanda wa oletsedwa, monga umene umatulutsidwa ndi nthambi yoona za chitetezo ya bungwe la United Nations, kapena banki ina yadandaula kuti ndalama zimene munalandira zinachokera kwa munthu wobedwa. Koma chovuta kwambiri, chimene titsatire mpaka kumapeto, ndi pamene mwalowa ndalama zosafanana ndi zimene zimalowa masiku onse.

Mwina banki ikana kukuuzani chifukwa chenicheni. Musaone ngati mwano. Bungwe la FATF, limene linakhazikitsidwa mu 1989 kuti lithandize mayiko kulimbana ndi kubisa gwero la ndalama zachinyengo, lili ndi mfundo 40 zimene mayiko ambiri anaziika m'malamulo awo. Mfundo ya nambala 20 imati banki ikakayikira ndalama izidziwitsa ofesi ya boma yofufuza za ndalama, ndipo ya nambala 21 imaletsa wogwira ntchito kuulula kwa kasitomala kuti lipoti lotero laperekedwa. Choncho kufunsa kuti "mwandinenera kuboma?" n'kutaya nthawi. Funso limene angayankhe momasuka ndi lakuti, "Mukufuna zikalata ziti, ndipo za ndalama zimene zinalowa kapena kutuluka masiku ati?"

Chachiwiri: werengani sitetimenti ndi maso a mlendo

Tengani sitetimenti ya miyezi isanu ndi umodzi yapitayi ndi cholembera. Lembani mzere pansi pa ndalama iliyonse imene munthu wosakudziwani angadabwe nayo.

Tiyerekeze mayi wina wa pa ntchito amene malipiro ake ndi 400,000 pa mwezi. Ndalama zake zingakhale za dziko lililonse, chofunika ndi kukula kwake poyerekeza ndi malipirowo. Mayiyu wagulitsa galimoto yake pa mtengo wa 6,000,000. Pa 3 Malichi wogula anamupatsa 1,000,000 pamanja ngati chikole. Tsiku lotsatira mayiyo anasungitsa 900,000 ku banki, chifukwa 100,000 analipira makaniko amene anakonza galimotoyo isanaperekedwe. Pa 10 Malichi munalowa 5,000,000, koma zinachokera mu akaunti ya kampani ya mchimwene wa wogula uja. Pa 11 Malichi mayiyo anayesa kutumiza 4,500,000 kwa munthu amene akumugulitsa malo. Pa 12 Malichi akaunti inaimitsidwa.

Mayiyu sanalakwe kanthu. Koma taonani zimene kompyuta ya banki yaona. Akaunti yozolowera 400,000 yalandira 5,900,000 m'sabata imodzi, zina za pamanja, zina zochokera ku kampani imene sinatumizepo ndalama kwa iye chiyambire, ndipo mawa lake zambiri mwa izo zikufuna kutuluka kupita kwa munthu winanso watsopano. Umu ndi mmenenso zimaonekera akuba akabwereka akaunti ya munthu kuti adutsitsemo ndalama. Mizere yofunika kufotokoza ndi itatu: ya pa 4, ya pa 10 ndi ya pa 11 Malichi.

Chachitatu: sonkhanitsani umboni, mzere ndi mzere

Pa ndalama iliyonse wofufuza amafuna kudziwa amene anatumiza, chifukwa chake, ndi pepala lotsimikizira zimenezo limene simunalembe nokha. Mawu anu okha sakwanira. Pepala lochokera ku ofesi ya boma, kwa abwana anu kapena ku banki ina limalemera kuposa limene mwasainirana awiri pa tebulo, ngakhale kuti nalonso limafunika.

Mayi uja ayambe ndi kusonyeza kuti galimotoyo inalidi yake, potenga chikalata cha umwini chokhala ndi dzina lake. Kenako pangano la malonda losainidwa ndi onse awiri, lotchula nambala ya galimoto, mtengo ndi tsiku. Akhalenso ndi umboni woti umwini unasinthidwa kupita kwa wogula, kapena lisiti losonyeza kuti ntchito yosinthayo inayambika.

Ambiri amathera pomwepa n'kumadabwa kuti banki sikutsegula. Mapepala atatuwa akusonyeza kuti galimoto inagulitsidwa, koma asiya mipata iwiri. Woyamba ndi wa masamu: pangano likuti 6,000,000, pomwe mu akaunti munalowa 5,900,000. Kwa mwini wake 100,000 ndi nkhani yaing'ono, koma wofufuza sangatseke fayilo imene manambala ake sakugwirizana. Lisiti la chikole cha 1,000,000 ndi lisiti la makaniko la 100,000 zikaikidwa pamodzi ndi kapepala kosungitsira 900,000, mpatawo watsekeka.

Mpata wachiwiri ndi waukulu. Pangano likutchula munthu, koma ndalama zachokera ku kampani. Apa pakufunika kalata ya kampaniyo, pa pepala lokhala ndi dzina ndi adiresi yake, yosainidwa ndi mkulu wokhala ndi mphamvu yosainira, yonena kuti 5,000,000 ya pa 10 Malichi inalipiridwa m'malo mwa wogula, pa galimoto yakutiyakuti, ndi kuti wogulayo ndi mbale wa mkuluyo. Muphatikizepo kope la chiphaso cha wosainayo, chikalata cholembetsera kampani, ndi umboni wa kutumizako wochokera ku banki ya kampaniyo. Ndalama zikakhala kuti zinachokera kunja kwa dziko, pemphani wotumizayo kuti akatenge ku banki yake kope la uthenga wa kutumizako, umene ambiri amaudziwa ndi dzina lakuti MT103. Uthengawo umaonetsa wotumiza, wolandira, tsiku ndi nambala yolondolera ndalamazo. Chithunzi chojambula pa foni ya wotumiza sichifika pamenepo, chifukwa n'chosavuta kuchisintha.

Ndalama zotuluka nazonso zimafunsidwa. Pa 4,500,000 ija mayiyo apereke pangano logulira malo kapena kalata ya wogulitsa yotchula mtengo, ndipo dzina la pa panganolo lifanane ndi dzina la akaunti imene ndalama zimapitako.

Mvetserani bwino mawu amene banki yagwiritsa ntchito pokufunsani. Ikafunsa gwero la ndalama, ikufuna kudziwa kumene ndalama izizi zachokera, ndipo yankho ndi kugulitsa galimoto. Ikafunsa gwero la chuma, ikufuna kudziwa mmene munapezera zimene muli nazo, kutanthauza kuti galimotoyo munaigula ndi chiyani poyamba. Funso lachiwirili limayankhidwa ndi kalata ya ku ntchito, mapepala a malipiro, kapena umboni wa ngongole imene munagulira galimotoyo. Mukayankha limodzi pamene afunsa linalo, fayilo imabwerera.

Za chiphaso ndi kumene mukukhala n'zachidule. Chiphaso chikhale chosatha ntchito, chojambulidwa mbali zonse ziwiri, m'makona monse mukuoneka. Umboni wa kumene mukukhala, monga bilu ya madzi kapena magetsi, mabanki ambiri amafuna wosapitirira miyezi itatu. Ngati dzina la pa chiphaso likusiyana ndi la pa akaunti kapena la pa chikalata cha galimoto, mwina chifukwa cha ukwati kapena kalembedwe, ikani setifiketi ya ukwati kapena chikalata cholumbirira chonena kuti mayina onsewo ndi a munthu mmodzi. Funsaninso ngati akufuna makope odindidwa ndi wolumbiritsa, ndi ngati chikalata cha m'chinenero china chiyenera kumasuliridwa ndi womasulira wovomerezeka.

Pepala likasowa, musapange lina n'kulembapo tsiku lakale. Ngati pa 3 Malichi sipanalembedwe lisiti la chikole, wogula alembe kalata ya lero, ya deti la lero, yotsimikiza kuti anapereka ndalamazo tsiku limenelo. Chikalata chopeka chikagwidwa, nkhani imene inali ya mafunso chabe imasanduka ya chinyengo, ndipo ngakhale mapepala anu oona sakhulupirikanso.

Chachinayi: lembani kalata ya tsamba limodzi

Kalatayi si malo okhuthuliramo mkwiyo, ngakhale mkwiyowo uli womveka. Woiwerenga ali ndi mafayilo ambiri, ndipo akufuna kupeza msanga akaunti, masiku, manambala ndi pempho. Ya mayi uja ingaoneke motere:

> Kwa Mkulu wa Ofesi ya Kompulayansi,
>
> PEMPHO LOTSEGULA AKAUNTI YOTHERA NDI 4417, NKHANI NAMBALA [nambala imene banki inakupatsani]
>
> Ndine mwini wa akaunti imeneyi, imene inaimitsidwa pa 12 Malichi. Ndikupempha kuti muunike zikalata zimene ndaphatikiza ndi kutsegula akauntiyi.
>
> Ndinagulitsa galimoto yanga pa mtengo wa 6,000,000 (Zikalata 3, 4 ndi 5). Pa 3 Malichi ndinalandira chikole cha 1,000,000 pamanja (Chikalata 6). Ndinalipira makaniko 100,000 (Chikalata 7) ndipo ndinasungitsa 900,000 yotsalayo pa 4 Malichi (Chikalata 8).
>
> Ndalama zotsala, 5,000,000, zinalowa pa 10 Malichi kuchokera ku kampani ya mchimwene wa wogula, imene inalipira m'malo mwake (Zikalata 9, 10 ndi 11).
>
> Pa 11 Malichi ndinayesa kutumiza 4,500,000 yogulira malo (Chikalata 12).
>
> Ngati pali chikalata chimene chikusowa, chonde ndidziwitseni molemba kuti ndi chiti. Ndikupemphanso kuti mutsimikize kuti mwalandira kalatayi ndi kundiuza tsiku limene ndingayembekezere yankho. Malipiro anga amalowa mu akauntiyi pa 25 mwezi uliwonse (Chikalata 13), ndipo ngati kuunikaku kutenge nthawi, ndikupempha kuti mundilole kutapa malipirowo pamene ndalama zimene mukufunsazo zili zogwiridwa.
>
> Ine wanu,
> [dzina monga lilili pa akaunti, siginecha, foni, imelo ndi deti]

Onani kuti palibe nambala imene yatchulidwa popanda chikalata pambali pake. Onaninso pempho lomaliza lija. Si banki iliyonse imene ingavomere, ndipo ngati pali lamulo lochokera kunja singathe n'komwe, koma pamene funso lili pa ndalama imodzi yodziwika, nthawi zina banki imagwira ndalama yokhayo n'kumasula zotsala. Simungapatsidwe ngati simunapemphe.

Sainani monga munasainira potsegula akaunti. Ngati akauntiyo ndi ya anthu awiri kapena ya kampani, asaine onse amene pangano la akaunti limafuna. Wina akamakulemberani, kaya loya kapena mbale, banki sidzayankhula naye popanda chikalata chomupatsa mphamvu yokuimirirani.

Chachisanu: mndandanda wa zikalata

Mndandandawu ukhale pa tsamba lakelake, kumbuyo kwa kalata. Mzere uliwonse utchule nambala, dzina la chikalata, deti lake, masamba ake, ndi chimene chikutsimikizira. Mbali yomalizayi ndi imene ambiri amaisiya, chonsecho ndi imene imapulumutsa nthawi ya wofufuza.

1. Chiphaso, mbali zonse, tsamba 1, kope lodindidwa: kutsimikizira mwini akaunti.
2. Bilu ya magetsi ya Febuluwale, tsamba 1: kumene ndikukhala.
3. Chikalata cha umwini wa galimoto, masamba 2: galimoto inali yanga.
4. Pangano la malonda la pa 3 Malichi, masamba 2: wogula ndi mtengo wa 6,000,000.
5. Lisiti losinthira umwini, tsamba 1: malondawo anachitikadi.
6. Lisiti la chikole la pa 3 Malichi, tsamba 1: 1,000,000 ya pamanja.
7. Lisiti la makaniko la pa 3 Malichi, tsamba 1: kumene kunapita 100,000.
8. Kapepala kosungitsira ka pa 4 Malichi, tsamba 1: 900,000 imene ili pa sitetimenti.
9. Kalata ya kampani ya pa 14 Malichi, tsamba 1: chifukwa chimene inalipirira wogula.
10. Chikalata cholembetsera kampani ndi chiphaso cha wosaina, masamba 3.
11. Umboni wa kutumiza wa pa 10 Malichi, tsamba 1: 5,000,000.
12. Pangano logulira malo, masamba 3: kumene 4,500,000 imapita.
13. Mapepala a malipiro a miyezi itatu, masamba 3: ndalama zolowa mwezi ndi mwezi.

Pansi pake lembani kuti zonse pamodzi ndi zikalata 13, masamba 21. Kenako tengani cholembera, mulembe nambala ya chikalata pakona ya pamwamba ya tsamba lililonse la makope, monga 4/1 ndi 4/2, kuti pepala likathothoka lidziwike kwawo. Pa zikalata zenizeni musalembepo kanthu.

Musawonjezere zimene sizikukhudza mafunsowo. Munthu akataya mtima amafuna kutumiza envulopu yonse ya mapepala a m'nyumba, koma pepala lililonse losafunsidwa liyenera kuwerengedwa, ndipo lingadzutse funso latsopano. Chikalata chimene mukuchidikirabe chilembeni pa mndandanda ndi mawu oti chibwera pa tsiku lakuti, kusiyana n'kukhala chete.

Chachisanu ndi chimodzi: kupereka ndi kusunga umboni

Mukapita nokha ku nthambi, nyamulani zikalata zenizeni kuti azione, koma musiye makope okha. Konzani mitokoma iwiri yofanana, ndipo wolandirayo adinde ndi kulemba deti pa kalata ndi pa mndandanda wa mtokoma umene mubwerere nawo. Chidindo cha pa mndandanda ndicho chidzakuyankhireni wina akadzati chikalata 9 sichinafike.

Mukatumiza pa imelo kapena pa tsamba la banki, chikalata chilichonse chikhale fayilo yakeyake ya PDF, ndipo dzina lake liyambe ndi nambala ya pa mndandanda:

```
04-pangano-la-galimoto.pdf
09-kalata-ya-kampani.pdf
```

Tsegulani fayilo iliyonse musanatumize, muone ngati zilembo zing'onozing'ono zikuwerengeka. Mafayilo akakula kwambiri imelo imatha kubwerera osafika, choncho agaweni, mulembe pa mutu kuti gawo 1 mwa 2, ndi nambala ya nkhani nthawi zonse.

Adiresi yotumizirako muitenge ku nthambi kapena pa tsamba lenileni la banki. Akuba amadziwa kuti munthu wa akaunti yoimitsidwa amakhala ndi nkhawa, ndipo amaimba foni kapena kutumiza uthenga ngati a banki. Wa kompulayansi weniweni safunsa nambala yanu yachinsinsi kapena nambala ija imabwera pafoni potsimikizira kutumiza, ndipo sauza munthu kuti atumize ndalama kwina kuti akaunti itsegulidwe. Wina wa m'kati akanena kuti mumupatse kangachepe afulumizitse, kanani, chifukwa mukatero mwaika mlandu weniweni pa fayilo imene inalibe mlandu.

Mukudikira

Nthawi yodikira imasiyana malinga ndi chifukwa chake komanso malamulo a dziko. Nkhani ya chiphaso chotha ntchito imatha msanga. Ya gwero la ndalama imachedwerapo, makamaka banki ikafuna kufunsa banki ya wotumiza. Tsiku limene anakulonjezani likadutsa, lembani mizere itatu yokumbutsa, yotchula nambala ya nkhani ndi deti limene munapereka. Mukayankhula ndi munthu pafoni, lembani tsiku, udindo wake ndi zimene wanena, kenako mutumize imelo yobwereza zomwezo.

Akabwera ndi mafunso ena, yankhani funso lililonse palokha, ndipo zikalata zatsopano zipitirize manambala kuyambira 14, mndandanda wonse n'kuutumizanso. Zimene mwanena zisasinthe. Mukazindikira kuti munalakwitsa deti kapena nambala, nenani nokha molemba iwo asanatulukire.

Pa nthawi yonseyi musayese kutapa pang'onopang'ono kudzera pa makina kapena pafoni, chifukwa kuyesa kulikonse kumalembedwa, ndipo kumaoneka ngati kuthawitsa ndalama. Dziwitsani msanga onse amene amadula okha ndalama mu akauntiyo, monga a ngongole ndi a inshulansi, kuti mugwirizane njira ina yolipirira chindapusa chisanayambe.

Banki ikangokhala chete, perekani dandaulo ku ofesi yake yolandira madandaulo, imene ndi yosiyana ndi ya kompulayansi, ndipo mutenge nambala ya dandaulolo. Bungwe loyang'anira mabanki kapena ofesi yothetsa mikangano ya makasitomala kawirikawiri imafuna umboni woti munayamba mwadandaula ku banki komweko. Kalata yodindidwa ija ndi mndandanda wake ndizo mudzapite nazo kumeneko.

Yankho likabwera, likhoza kukhala lakuti akaunti yatsegulidwa. Pemphani kuti akulembereni, yesani kutumiza ndalama yochepa, ndipo muone ngati khadi ndi banki ya pafoni zatsegulidwanso, chifukwa nthawi zina izi zimatsegulidwa padera. Mayi uja, asanatumizenso 4,500,000 yake, adziwitse ofesiyo tsiku limene atumize ndi kutchula chikalata 12, kuti kompyuta ikaimitsanso kutumizako munthu woona apeze yankho lili kale mu fayilo. Likhozanso kukhala lakuti banki yamasula ndalama koma ikutseka akauntiyo, popeza mapangano ambiri a akaunti amailola kutero. Zikatero funsani molemba tsiku lotsekera, njira imene ndalama zotsala zibwezedwere, ndipo mutenge sitetimenti yonse akauntiyo isanatsekedwe, chifukwa banki yatsopano idzafunsa kumene ndalamazo zachokera.